Nkhope ya Nehemiya Pamaso pa Bwana

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo. M'mawa uno tiwerenge Nehemiya 2:1-8.

Ena mwa ife tikupita ku ntchito lero tisanagone. Wina wachezera m'wodi, wina wachezera kukangana, wina foni yake yakhala ikulira usiku wonse chifukwa cha ngongole. Tikafika pa geti tidzafunsidwa kuti mwadzuka bwanji, ndipo tidzayankha kuti tadzuka bwino. Koma pakafika poti bwana watiyang'ana n'kunena kuti "simukuoneka bwino masiku ano, kwagwanji?", tiyankha zotani, ndipo tilekezera pati?

Nehemiya anafunsidwa funso lomwelo. Iye anali woperekera chikho kwa mfumu Aritasasta ya ku Perisiya, ntchito yofuna munthu wokhulupirika, chifukwa chimene mfumu imamwa chimadzera m'manja mwake. Ali ku Susani, m'bale wake Hanani anabwera ndi uthenga woti linga la Yerusalemu ndi logumuka, zipata zinatenthedwa, ndipo otsala kumeneko ali pa mavuto ndi manyazi. Uthengawo anaumva mwezi wa Kisilevi, cha mu Novembala kapena Disembala. Analankhula ndi mfumu mwezi wa Nisani, cha mu Malichi kapena Epulo, m'chaka cha 20 cha ufumuwo, cha m'ma 445 Khristu asanabadwe. Pafupifupi miyezi inayi munthu akulira, kusala kudya ndi kupemphera, uku akugwira ntchito yake.

Tsiku lina nkhope inamuulula. Mfumu inati, bwanji nkhope yako ili yachisoni pamene sukudwala? Nehemiya sabisa, akuti anachita mantha kwambiri. Ndiye tamverani zimene anayankha. Anati mzinda umene kuli manda a makolo ake ndi bwinja, zipata zake zinapsa. Basi. Bwererani ku mutu 1 muone zimene anauza Mulungu: kumeneko akuulula machimo a mtundu wake, akuti ngakhale iye ndi nyumba ya atate wake anachimwa. Zimenezo kwa mfumu sanazitchule. Ngakhale dzina loti Yerusalemu simulipeza m'mawu amene analankhula kwa mfumu, anangoti Yuda, mzinda wa manda a makolo anga. Mukawerenga Ezara 4 mupeza kuti mzindawo unali utanenezedwa kale kwa mfumu Aritasasta kuti ndi woukira, ntchito yomanga n'kuimitsidwa. Nehemiya sananame, koma anasankha zoona zimene mfumu inayenera kumva.

Ine phunziro limeneli ndinaliphunzira mochedwa, ndipo ndinalakwa mbali zonse ziwiri.

Zaka zapitazo ndinkagwira ntchito mu ofesi ya zandalama pa kampani ina, ndipo kabokosi ka ndalama zogulira zinthu zazing'onozing'ono kankasungidwa ndi ine. Mayi anga anachita sitiroko n'kugonekedwa. Gadiyani wa usiku ndinali ine, masana ankabwera mng'ono wanga. Amene munadikirirapo wodwala mukudziwa: kuwatembenuza, kuwasambitsa mbandakucha, kuwamwetsa phala, kenako kudikira wokulandira ntchitoyo, amenenso akudikira minibasi kuti idzaze. Ku ofesi timayenera kufika 7:30, ine ndinkafika 8:30, nthawi zina 9 koloko. Pa nthawi yomweyo kunyumba sikunali bwino ndi bambo a ana, ndipo ndinali nditatenga K100,000 kwa wakatapila kuti ndibweze K150,000 pakutha pa mwezi.

Milungu itatu sindinauze bwana kanthu. Ndinkati za kunyumba n'za kunyumba, ndipo ndinkaganiza kuti kukhala chete ndiko chikhulupiriro. Akafunsa, ndinkati mayendedwe avuta. Tsiku lina malipoti a pakutha pa mwezi anachedwa, ndipo ndinapeza kalata yochenjeza pa desiki. Bwanayo sanali munthu woipa. Iye ankangoona wantchito amene wayamba kujomba mwaulemu, ndipo pamene munthu sanapatsidwe chifukwa, amadzipangira chake. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndinkamva m'mimba koma n'kumayembekezera kuti wina alote.

Kalatayo itandipweteka, ndinalakwa kachiwiri. Pa nkhomaliro mnzanga wa mu ofesi anandifunsa mwachifundo kuti, "Asisi, chikukudyani n'chiyani?" Ndinakhuthula zonse: za mayi, za bambo a ana, za katapila, mpaka kuchuluka kwa ndalama. Ndinapepukidwa madzulo amenewo, sindikana. Ndipo sindikhulupirira kuti mnzangayo anali ndi cholinga choipa. Anangouza wina kuti andipempherere, winayo anauzanso wina. Patapita milungu iwiri, m'kabokosi muja munaperewera K20,000. Palibe anandinena poyera, koma ndikalowa m'chipinda nkhani inkaduka. Aliyense anali atawerengera kale: ali ndi ngongole ya katapila, ndipo kiyi ali nayo ndi iye. Ndalamayo inapezeka kuti inali ya mafuta a galimoto, dalaivala anaiwala lisiti m'thumba. Dzina langa linayera, komabe chaka chimenecho pamene ankafuna munthu woti aziyang'anira ndalama zambiri, sanayang'ane kwa ine, ndipo sindingawadzudzule kwambiri.

Taonani kusiyana kwa nkhani zitatu zija. Matenda a mayi ankakhudza ntchito mwachindunji, chifukwa ndiwo ankandichedwetsa, ndipo bwana akanatha kuchitapo kanthu. Imeneyo ndiyo ndinabisa. Za banja langa sizinkakhudza ntchito, ndipo mu ofesi munalibe wokonza ukwati, pakuti ankhoswe analipo kwawo. Za ngongole zinali zoopsa koposa, chifukwa zinkasintha mmene anthu ankaonera manja anga. Ziwiri zimenezo ndizo ndinamwaza. Mfumu Hezekiya itachira, inalandira alendo a ku Babulo odzazonda n'kuwaonetsa chuma chonse cha m'nyumba mwake, osasiyako kanthu. Yesaya anafunsa kuti, aona chiyani m'nyumba mwanu? (2 Mafumu 20:12-17). Munthu amene wangodutsa m'mavuto, wina akamusonyeza chifundo, amatsegula zipinda zonse.

Tibwerere kwa Nehemiya, chifukwa chimene ndimachikonda kwambiri chili pa vesi 4 mpaka 8. Mfumu itamva za bwinjalo sinafunse kuti ukumva bwanji mumtima. Inafunsa kuti, ukupempha chiyani? Kenako, ulendo wako utenga nthawi yaitali bwanji, ndipo udzabwera liti? Mabwana onse a padziko amafunsa mafunso awiri omwewo, ngakhale amene sawatchula. Pamene iwe ukufotokoza, m'mutu mwawo akuganiza za amene agwire ntchito yako ndiponso mpaka liti. Si nkhanza, ndiwo udindo wawo. Nehemiya anapemphera kamphindi ali chiimire, ndipo anali ndi mayankho okonzeka. Anatchula nthawi. Anapempha makalata opita kwa abwanamkubwa a kutsidya la mtsinje kuti amulole kudutsa. Anapemphanso kalata yopita kwa Asafu, woyang'anira nkhalango ya mfumu, kuti apatsidwe mitengo. Miyezi inayi ija sanangolira, anafufuza mpaka dzina la munthu wosunga mitengo.

Ndikanakhala ndi nzeru imeneyo, sabata yoyamba yomwe ndikanagogoda pa chitseko cha bwana, osati pa kholido kapena pakati pa anthu, n'kunena kuti: "Bwana, pepani ndikutayireniko mphindi zisanu. Mayi anga agonekedwa m'chipatala ndipo usiku ndikuwadikirira ndine. Ndikupempha kuti milungu iwiri ikubwerayi ndizifika 9 koloko, ndiziweruka 6 koloko m'malo mwa 4:30. Malipoti a pakutha pa mwezi ndiwamaliza pa nthawi yake. Lachisanu la sabata yachiwiri ndidzabwera kudzakuuzani mmene zilili, ndipo zikapitirira ndidzatengako masiku a tchuthi changa." Mawu amenewo sadutsa mphindi imodzi. Mulibe dzina la matenda, mulibe misozi ya kunyumba, koma muli vuto, pempho ndi tsiku. Akavomera, ndi bwino kutsatiza ndi kakalata kapena uthenga wolembedwa, chifukwa mabwana amasamutsidwa, ndipo wobwerayo amangoona buku la nthawi yofikira.

Ngati wodwala ndinu eni, dziwani kuti kuno ku Malawi lamulo la ntchito la 2000 limapatsa wantchito amene wagwira miyezi 12 mosalekeza tchuthi cha matenda cha milungu inayi pa malipiro onse ndi milungu isanu ndi itatu pa theka la malipiro chaka chilichonse, akaonetsa kalata ya dokotala. Chofunika ndi kalatayo, yoperekedwa ku ofesi yoyenera. Simukuyenera kugula tchuthicho pofotokozera ofesi yonse zimene adokotala anapeza. Ndimamva chisoni ndikaona munthu akuika chithunzi cha zotsatira za kuchipatala pa gulu la WhatsApp la ku ntchito kuti anthu amukhulupirire. Chithunzicho chidzakhalabe m'mafoni a anthu 40 iye atachira kalekale.

Wina anena kuti, nanga Agalatiya 6:2 sati tinyamulirane zothodwetsa? Amatero ndithu, ndipo kwathu kuno maliro sabisa. Ukaferedwa nena msanga, anzako asonkhe chipepeso, abwere adzakhale nawe pasiwa. Palinso anzathu a ku ntchito amene asanduka abale enieni. Koma muyeseni kaye munthuyo. Kodi amakubweretserani nkhani za ena, ngakhale zokutidwa ndi mawu oti "tiwapempherere"? Wobweretsa ndi yemwenso amatenga. Kodi mawa angadzakhale wopikisana nanu pa udindo, kapena woitanidwa kukachitira umboni pa mlandu wanu? Mpatseni kaye kankhani kakang'ono, muone ngati kabwerera kwa inu kudzera pakamwa pa wina. Ngakhale Nehemiya atafika ku Yerusalemu pakati pa anthu a mtundu wake, anakhala masiku atatu, n'kuyendera linga usiku ndi anthu owerengeka, osauza munthu zimene Mulungu anaika mumtima mwake mpaka nthawi itakwana.

Kwa amene akakufunsani lero pamene simukufuna kufotokoza, sikofunika kunama kuti zonse zili bwino. Munganene kuti, "Kunyumba kuli zina zikutisautsa, koma tikuthana nazo, zikomo pondifunsa." Wanzeru amalekera pomwepo. Akaumirira, bwerezani mawu omwewo mukumwetulira. Zotsalazo zili ndi kopita: kwa ankhoswe, kwa abusa kapena mayi wa Mvano amene mumamudalira, kwa mlangizi wa kuchipatala, ndi pa maondo.

Tipemphere. Atate, ena mwa ife tikuyenera kugogoda pa chitseko cha bwana lero ndipo mtima ukugunda. Nehemiya popemphera anatchula mfumu yaikulu ya Perisiya kuti "munthu uyu". Nafenso tipatseni chifundo pamaso pa munthu uyu. Tisanalowe, tikumbutseni chimene tikukapempha ndi tsiku limene tikatchule. Kumbukiraninso amene tawasiya m'wodi m'mawa uno. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.