Nambala ya ku Tete ikafika ku Chipata n'kusanduka ina

Muli bwanji nonse, tiyeni tipite pa sikilini nthawi yomweyo.

[Pa sikilini: `1.250,50` ndi `1,250.50`]

Ziwirizi ndi ndalama imodzimodzi. Kuno ku Zambia kakoma timapatulira masauzande, kadontho ndiye kamayambitsa mangwee, pomwe anzathu a ku Mozambiki amatembenuza, kadontho pa masauzande, kakoma pa masenti. Manje tinene kuti muli ndi holoselo muno mu Chipata, katundu akuchokera ku Tete kudzera pa Chanida, ndipo sisitemu ya ogulitsawo yakutumizirani invoisi ya CSV kuti ilowe mu sisitemu yanu ya sitoko. CSV ndi fayilo ya mizere ya zilembo imene magawo ake amapatulidwa ndi kakoma, ilibe malo onenera kuti nambalayi yalembedwa mwa dziko liti, imangonyamula zilembo basi, ndiye sisitemu yolandira imawerenga monga inazolowera.

Onani zimene JavaScript imachita:

```
parseFloat("1.250,50")  // 1.25
```

Yawerenga mpaka pa kakoma, yaima, zotsalazo yataya, osadandaula olo pang'ono. Python ikapatsidwa `float("1.250,50")` imakana ndi `ValueError`, ndipo ine ndimati bola imeneyo chifukwa mwadziwa pompo kuti pavuta. Yoopsa ndi imene yalowa bwinobwino. Ogulitsa alemba makilo a mpunga `1.250`, kutanthauza matumba 25 a makilo 50, sisitemu yanu yasunga kilo imodzi ndi kota, kulibe uthenga wofiira, mudzazindikira tsiku lowerenga sitoko, matumba ali mbwee mu sitolo koma kompyuta ikuti mpunga unatha kalekale.

Mudziwa bwanji msanga? Tsegulani fayiloyo mu Notepad kaye, osati mu Excel. Mukaona magawo apatulidwa ndi `;` m'malo mwa kakoma, kawirikawiri ndiye kuti kakoma kali pa ntchito ya masenti. Mu Excel namo nambala yeniyeni imakhala kumanja kwa kabokosi, imene yakhalira kumanzere yatengedwa ngati mawu, ndipo `SUM` imangoidumpha mwakachetechete, totalo n'kuchepa.

Pokonza, chonde musathamangire kufufuta makoma onse, `12,50` idzasanduka `1250`. Yambani kuchotsa madontho a masauzande, kenako kakoma kasanduke kadontho. Mukayambira kumapeto mupeza `1.250.50`, muchotse madontho, mwatsala ndi `125050`. Mu Excel pali njira yachidule, bola kolamuyo muilowetse ngati `Text` kuti Excel isayambe yaisintha yokha:

```
=NUMBERVALUE(B2,",",".")
```

Apa mwaiuza kuti kakoma ndi ka masenti, kadontho ndi ka masauzande, ndiye mu kabokosi ka `B2` mukakhala `1.250,50` imabweza `1250.5`.

Koma `1.250` ili payokha palibe pulogalamu ingalote tanthauzo lake, ndiye gwirizanani ndi otumizawo kuti mu fayilo asamapatule masauzande n'komwe, azilemba `1250.50`, ndipo pansi aziikapo totalo yawo kuti sisitemu yanu ikaphatikiza mizere yonse n'kupeza yosiyana, iikane fayiloyo isanakhudze sitoko.