Y ndi EN m'Chifalansa: lekani kuziika patsogolo pa mneni woyamba nthawi zonse!

Moni nonse, takulandirani pa tchanelo chathu cha Chifalansa. Lero tili pa timawu tiwiri, y ndi en. Muonere mpaka kumapeto, chifukwa pali lamulo lina limene ambiri munaloweza, koma ndi labodza, ndipo limandikwiyitsa kwambiri.

Mwachangu, tanthauzo. Y amalowa m'malo mwa dzina la malo, kapena la chinthu chobwera pambuyo pa à. "Je vais à Paris" imakhala "J'y vais". En amalowa m'malo mwa dzina lobwera pambuyo pa de, du kapena des. "Je veux du pain" imakhala "J'en veux". Basi. Tiyeni tione pomwe timawuti timakhala.

Choyamba: mneni akakhala mmodzi, kamawuko kamakhala patsogolo pake penipeni. Pokana, ne amayamba, kenako kamawuko: "Je n'y vais pas", "Je n'en veux pas".

Chachiwiri: m'nthawi yakale ya passé composé, kamakhala patsogolo pa avoir kapena être. "J'y suis allé." "J'en ai acheté."

Chachitatu, ndipo apa khalani bwino pampando. Anthu akaona mfundo ziwirizo amangoti, aa, ndiye kuti y ndi en nthawi zonse amakhala patsogolo pa mneni woyamba. Ayi ndithu! Tengani chiganizo ichi: "Je vais acheter du pain", ndikagula buledi. Wotsatira lamulo labodzalo alemba "J'en vais acheter". Mfalansa wa lero salankhula choncho. Cholondola ndi "Je vais en acheter".

Chifukwa chake n'chiyani? Dzifunseni kuti buledi uja ndi wa mneni uti. Mukupita buledi, kapena mukugula buledi? Mukugula. Ndiye en akakhale pafupi ndi acheter, mwini wake. Mneni wachiwiri akakhala wosasinthidwa, uja wothera ndi -er, -ir kapena -re, kawirikawiri kamawuko kamadumpha woyamba n'kukakhala patsogolo pa wachiwiriyo. "Je veux y aller." "Tu peux en prendre." "Il faut y penser."

Ndipotu inu olankhula Chichewa simuyenera kuvutika nazo. Mukamanena za nsomba mumati "ndikufuna kuzigula". Zi uja mumamuika pa kugula, osati pa kufuna. Chifalansa chikuchita zomwezo.

Wina afunsa kuti, nanga bwanji mu "J'en ai acheté" en ali patsogolo pa ai? Chifukwa acheté si acheter. Zimamveka chimodzimodzi m'khutu, n'chifukwa chake ambiri amasokonezeka, koma "ai acheté" ndi mneni mmodzi wa zidutswa ziwiri, pamene "vais acheter" ndi aneni awiri. Mukakayikira, ikani vendre m'malo mwa acheté kapena acheter. Mukamva "vendu", kamawuko kapite patsogolo pa avoir kapena être. Mukamva "vendre", kakhale pakati.

Pokana napo chenjerani: "Je ne vais pas en acheter." Ne ndi pas azinga vais yekha, en watsalira kwa acheter. M'mabuku a zaka za m'ma 1600 mudzapezamo kamawuko patsogolo pa mneni woyamba, koma chimenecho ndi Chifalansa chakale, osapita nacho kumayeso. Ngati mfundo iyi yakutsegulani maso, dinani laiki tsopano, ndipo amene simunalembetse ku tchanelochi, batani lili m'munsimu.

Chachinayi: polamula, kamawuko kamapita kumbuyo, ndi kamzere pakati. "Allez-y." "Prenez-en." Polamula munthu mmodzi, va ndi mange amalandira s kuti mawu alumikizane: "Vas-y", "Manges-en", ndipo s ameneyo amamveka ngati z. Koma mukaletsa, kamabwerera patsogolo ndipo s amachoka: "N'y va pas", "N'en mange pas".

Chachisanu: awiriwa akakumana, y ndiye amayamba. "Il y en a", zilipo. Alowam'malo ena onse amabwera iwo asanafike: "Je lui en donne", "Donne-m'en".

Chinanso ndisanaiwale: nambala siitayidwa. "J'ai deux frères" imakhala "J'en ai deux". Mukangoti "J'ai deux", Mfalansa adikira kuti mumalize chiganizocho. Mukati "J'en ai", mwataya nambala ija.

Ntchito yanu nayi. Sinthani ziganizo ziwiri izi: "Nous allons manger au restaurant" ndi "Elle ne veut pas boire de café". Lembani mayankho m'munsimu, ndiwaona limodzilimodzi. Vidiyo yotsatira ndi ya "Je pense à lui", chifukwa chimene y sagwirira ntchito pamene mukunena za munthu.