Chifukwa Chake Zithunzi za Gemu Yanu Zimasiyana ndi Nyimbo

[Pa sikirini: kabwalo kakudumpha motsatira nyimbo. Poyamba kali bwino, kenako kayamba kutsogola.]

Taonani kabwalo aka. Nyimbo itangoyamba kamadumpha pa biti penipeni, koma pofika kumapeto kali kwina, ng'oma ili kwina. Amene analemba khodi imeneyi anasankha wotchi yolakwika. Mu gemu muli mawotchi awiri: ya mafulemu, ndi ya mawu. Lero tiona chifukwa chake ya mawu ndiyo iyenera kulamulira, ndipo tigwiritsa ntchito Unity.

Tiyambe ndi masamu ochepa. Gemu yoonetsa mafulemu 60 pa sekondi imatenga pafupifupi mamilisekondi 16.7 pa fulemu iliyonse. Nyimbo ikakhala ya 120 BPM, ndiye kuti mabiti 120 pa mphindi, biti iliyonse ndi theka la sekondi, mafulemu 30 ndendende. Apa ndi pamene ambiri amanyengedwa, chifukwa kuwerenga mafulemu kumaoneka ngati kukugwira ntchito.

Tsopano sinthani nyimbo, muike ya 128 BPM. Biti imodzi ndi masekondi 0.46875, omwe ndi mafulemu 28.125. Kachidutswa ka fulemu kulibe, ndiye mumangoti 28. Pa biti iliyonse mwaba mamilisekondi awiri ndi pang'ono, zomwe diso silingaone. Koma nyimbo ya mphindi 3 ili ndi mabiti 384, ndipo tizidutswa timeneti tikaunjikana timakwana mafulemu 48. Kabwalo katsogola ndi masekondi 0.8, pafupifupi mabiti awiri athunthu.

Wina anena kuti, ine sindiwerenga mafulemu, ndimaphatikiza `Time.deltaTime`. Zili bwinoko, koma sizikwanira. Foni ikajejema kwa sekondi yathunthu, Unity siuza gemu kuti padutsa sekondi yonseyo. Pali malire otchedwa `Time.maximumDeltaTime`, amene mukapanda kuwasintha amakhala pafupifupi masekondi 0.33. Otsalawo atayika, pamene nyimbo sinaime, chifukwa mawu amayendetsedwa padera. Kuwonjezera apo, kachipangizo kotulutsa mawu kali ndi wotchi yakeyake, imene siyenda chimodzimodzi ndi ya purosesa. Wovina amamvera ng'oma, sawerenga mapazi ake. Gemu nayonso izifunsa nyimbo kuti yafika pati, fulemu iliyonse.

[Pa sikirini: khodi]

```csharp
public AudioSource nyimbo;
public double bpm = 128;
public double kuchedwa;
double chiyambi;

void Start() {
    chiyambi = AudioSettings.dspTime + 1.0;
    nyimbo.PlayScheduled(chiyambi);
}

void Update() {
    double nthawi = AudioSettings.dspTime - chiyambi - kuchedwa;
    double biti = nthawi * bpm / 60.0;
}
```

`AudioSettings.dspTime` ndi nthawi yowerengedwa kuchokera ku masampulo a mawu amene akonzedwa kale kuti atuluke. Ndiyo wotchi ya nyimbo imene tikunena. Onaninso kuti sindinalembe `Play()`. Mukatero nyimbo imayamba pamene makina akonzeka, ndipo simudziwa bwinobwino kuti ndi liti. `PlayScheduled` imakulolani kutchula nthawi yoyambira inu eni. Sekondi imodzi ndaonjezerayo ndi yopatsa makina mpata wokonza fayilo.

Mzere wa `biti` ndi umene ndikufuna muuonetsetse. Mulibe kuphatikiza pa zimene zinalipo fulemu yapitayi. Fulemu iliyonse imawerengera payokha, choncho cholakwika cha fulemu imodzi sichisamukira ku inzake.

Tiyese ndi manambala. Nyimbo ija ya 128 BPM yafika pa masekondi 10.2. Kuchulukitsa ndi 128, kugawa ndi 60, tipeza 21.76. Nambala yathunthu, 21, ikutiuza biti imene tili. Chotsalacho, 0.76, chikutiuza kuti tapita patali bwanji mkati mwa bitiyo, ndipo ndi chimene mumapereka ku chithunzi: pa 0 kabwalo kali pansi, pa 0.5 kali pamwamba, kuyandikira 1 kakutera.

Noti zimene wosewera amadina zimayendanso chomwecho. Tinene kuti noti iyenera kufika pa mzere pa biti 24, ndipo imaonekera mabiti 4 isanafike. Pa 21.76 kwatsala mabiti 2.24, ndiye yayenda gawo la 0.44 la ulendo wake. Mumangoiika pamalo amenewo. Musaikankhe pang'onopang'ono ndi liwiro. Foni ikajejema, notiyo idumphira pamene inayenera kukhala, ndipo wosewera aona kugwedezeka kamodzi kokha m'malo moti nyimbo yonse yotsala isokonekere.

Pali msampha wina waung'ono. Ngati mukufuna kuti sikirini iwale pa biti iliyonse, musafunse ngati `biti` ikufanana ndi 22, chifukwa fulemu siidzagwera pa 22.0 ndendende. Sungani nambala yathunthu ya fulemu yapitayo, ndipo ikasintha, biti yadutsa.

[Pa sikirini: noti zikutsika monjenjemera]

Mukayesa khodi ija mudzaona chinthu chokhumudwitsa: noti zili pa nthawi yake, koma zikunjenjemera. Apa ambiri amabwerera ku njira yakale, ndipo amalakwitsa. Chimene chikuchitika ndi chakuti mawu sakonzedwa sampulo imodziimodzi, amakonzedwa m'magawo. Gawo likakhala la masampulo 1024, makina akutulutsa masampulo 48000 pa sekondi, `dspTime` imasintha kamodzi pa mamilisekondi 21.3 alionse. Fulemu ndi 16.7. Ndiye nthawi ndi nthawi mafulemu awiri otsatizana amawerenga nambala imodzimodzi, noti imaima, kenako imalumpha.

Mankhwala ake ndi kugwiritsa ntchito mawotchi onse awiri, koma aliyense pa ntchito yake. Khalani ndi nthawi yanuyanu yojambulira zithunzi. Fulemu iliyonse muipititse patsogolo ndi `Time.unscaledDeltaTime` kuti iziyenda mosalala. `dspTime` ikasintha, yerekezani ziwirizo, ndipo mukokere yanuyo pang'ono kumene kuli ya mawu. Ine ndimakonza gawo limodzi mwa magawo khumi a kusiyanako nthawi iliyonse, ndipo sindilola kuti nthawi ibwerere m'mbuyo, chifukwa noti yobwerera imaoneka msanga kuposa yochedwa. Kusiyana kukakula kwambiri, monga pambuyo pa kujejema kuja, ndimangolumphira pa nthawi ya mawu.

Chatsala ndi `kuchedwa`, ndipo muli zinthu ziwiri. Choyamba chili mu fayilo: nyimbo zambiri zimakhala ndi kachete pang'ono biti yoyamba isanagunde. Tsegulani fayiloyo mu pulogalamu yokonzera mawu ya Audacity, muyeze, musunge nambalayo pamodzi ndi BPM ya nyimboyo. Chachiwiri chili kwa wosewera. `dspTime` imadziwa pamene mawu akonzedwa, osati pamene afika m'khutu. Mahedifoni a waya amachedwa pang'ono, koma a Bluetooth amatha kupitirira mamilisekondi 100. Izi khodi singazilote, n'chifukwa chake magemu a mtundu uwu amakhala ndi tsamba loti wosewera adine motsatira kugunda, gemu n'kutenga avereji ya kuchedwa kwake.

Poyesa gemu yanu, musaike nyimbo yokoma. Ikani kugunda kouma kwa metironomu kwa mphindi zingapo, ndipo muone mmene vutolo likukhalira. Ngati kusiyana kukukula nyimbo ikamapita, penapake mukuwerengabe mafulemu, kapena BPM mwalemba si yolondola. Ngati kusiyanako n'kofanana kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto, konzani `kuchedwa`. Ngati zili pa nthawi koma zikunjenjemera, ndi magawo a mawu aja. Kenako tsitsani dala mafulemu ndi `QualitySettings.vSyncCount = 0` komanso `Application.targetFrameRate = 20`. Zithunzi zioneka zodukaduka, koma kabwalo kayenera kuterabe pa biti mpaka nyimbo itatha.