Makalata a omvera: mapepala atatu a ukwati umodzi, a imigireshoni akufuna liti mwa atatuwa?

"Zikomo awulutsi. Ine tinamanga ukwati ku Ontario, ku Canada, ndipo abusa anatipatsa pepala tsiku lomwelo titasaina. Pano amuna anga akufuna andilembetse kuti ndikhale nzika yokhazikika, koma pa webusaiti ya boma pakuoneka zinthu ziwiri zoti munthu ugule, satifiketi ya ukwati ndi kope ya kalembera wa ukwati. Nanga lomwe tili nalo kale lija ndi chani? Titumize liti mwa atatuwa? Ndine mayi wosokonezeka."

Mayi, pepala la abusa lija lisungeni bwino mu chikwama, ndi lachikumbutso, koma mu envulopu ya ku imigireshoni lisalowe ngati umboni wa ukwati. Mukaliyang'ana pamwamba mupeza palembedwa Record of Solemnization of Marriage, ndipo malangizo a IRCC, omwe ndi a imigireshoni aku Canada, amanena mosabisa kuti limeneli salandira, layisensi ya ukwatinso salandira. Nkhani yake ndi yoti pepalalo likungochitira umboni kuti mwambo unachitika, pomwe iwo akufuna aone kuti boma linalemba ukwatiwo m'kaundula wake. Zinthu ziwiri zosiyana izi.

Zimayenda chonchi. Musanakwatirane munakatenga layisensi, chimene ndi chilolezo chabe, munthu utha kuitenga ukwati nkulephereka mawa lake. Tsiku la ukwati inu, amuna anu, mboni ziwiri ndi abusa munasaina, abusa anakupatsani kachigawo kanu kaja, zotsalazo anatumiza ku ofesi ya mlembi wamkulu wa chigawo cha Ontario. Kumeneko ndi komwe ukwati umalowa m'kaundula, ndipo zimatenga masabata angapo, nde mukathamangira kuitanitsa satifiketi ukwati utangotha kumene mutha kudikira nthawi yaitali osamva kanthu, osati poti yasowa ayi, koma kalembera sanathe. Ndipo nthawi zina, pepani azibusa amene mukumvera, mapepala amagona mu dirowa osatumizidwa. Ngati padutsa miyezi kulibe chilichonse, yambani mwafunsa amene anadalitsa ukwatiyo kuti anatumiza liti.

Tsopano ziwiri mukuziona pa sikilini zija zonse zimachokera m'kaundula yemweyo, zonse ndi za boma. Satifiketi ndi yachidule, ili ndi maina anu awiri, tsiku ndi malo a ukwati, nambala ya kalembera ndi tsiku lomwe analemba, basi. Inayo, yomwe pamenepo akuitchula kuti certified copy of marriage registration, ndi kope ya fomu yonse imene munasaina ija, yotsimikizidwa ndi ofesi, nde mumapezamo zambiri, maina a makolo, ngati wina anakwatirapo kale, mboni, ma siginecha ndi amene anamangitsa ukwati.

Pa nkhani yanuyi satifiketi yachiduleyo ikukwana, ndi imene anthu ambiri amatumiza ndipo imadutsa. Yaitaliyo imafunika kwambiri munthu akamapita nayo kunja, mwachitsanzo ku embase ya dziko lina komwe akufuna alembenso ukwatiwo m'kaundula wawo, kapena pa nkhani za unzika wotengera makolo, poti kumeneko amafuna aone kuti uyu ndi mwana wa ndani. Ine ndikanakhala inu, ngati ndalama ilipo, ndikanaitanitsa zonse ziwiri kamodzi, chifukwa kudzayamba kuitanitsa ofesi itakupatsani kale masiku owerengeka oti muyankhe ndi mutu waukulu. Zikafika musangoziika m'fayilo, tengani pasipoti muyerekeze chilembo ndi chilembo. Ngati dzina mu pasipoti lili ndi h koma pa satifiketi palibe, konzetsani ku ofesi ya kaundula musanatumize. Chinanso, ngati mmodzi wa inu anakwatirapo kale, satifiketi yokha siyokwana, pafunikanso chikalata chothetsa ukwati woyamba kapena satifiketi ya imfa.

Tipite ku kalata ina, iyi yachokera kwa abambo.

"Ife tinakwatirana ku tchalitchi zaka zapitazo kwathu, satifiketi tili nayo yokongola ya sitampa ya mpingo. Mkazi wanga ali ku America, akufuna andilembere I-130, fomu ya imigireshoni yoitanira wachibale kukakhazikika kumeneko. Satifiketiyi ilandiridwa?"

Bambo, apa sindinganene kuti eya kapena ayi ndisanadziwe dziko lomwe munakwatirirana, ndipo musalole munthu akuyankheni asanakufunseni zimenezo. Mawu oti satifiketi ya ukwati amapusitsa, dziko lililonse lili ndi kachitidwe kake. Kuli maiko komwe m'busa ali ndi chilolezo cha boma ndipo satifiketi yomwe amalemba ndi fomu ya boma yeniyeni, ya nambala, kope ina imapita kwa mlembi. Kwina ya mpingo ndi ya mpingo basi. Ku France ukwati wovomerezeka ndi wa ku ofesi ya meya, wa ku tchalitchi umabwera pambuyo ndipo paokha ulibe mphamvu pa malamulo. Ku England ndi Wales kuyambira mu 2021 simupatsidwanso satifiketi pa tsiku la ukwati, mumasaina fomu, imapita ku ofesi ya kalembera, ikalowa mu kompyuta ndi pomwe satifiketi imatuluka. Ku Japan umboni umachokera m'kaundula wa banja. Mwaona kusiyana kwake.

Mwayi wanu ndi woti aku America anachita kulemba zonsezi. Pa webusaiti ya travel.state.gov fufuzani Reciprocity Schedule, sankhani dziko lanu, pitani pa gawo la ukwati, mupeza dzina la pepala lomwe amalandira, ofesi yomwe imapereka, nthawi zina mpaka maonekedwe a chidindo. Ofesala amene adzagwire fayilo yanu amayang'ana pomwepo. Kenako tengani pepala lanulo muone, pali dzina la boma kapena la mpingo lokha? Pali nambala ya kaundula? Wasaina ndi mlembi wa boma, kapena m'busa amene walemba kuti ali ndi chilolezo? Ngati zonsezi palibe, pitani ku ofesi ya kalembera mukapemphe afufuze ngati ukwati wanu ulimo.

Akaupeza, pemphani kope yotsimikizidwa, nkhani yatha. Akapanda kuupeza ndi pomwe pamafunika kudekha. Maiko ena amalola kulembetsa mochedwa, koma onetsetsani kuti pepala latsopanolo likuonetsa tsiku lenileni la ukwati padera ndi tsiku lolembetsa, chifukwa likangoonetsa tsiku la chaka chino ofesala aona ngati mwakwatirana dzulo pofuna viza, mafunso nkuchuluka. Ngati kaundulayo anapsa kapena anatayika, malamulo aku America amalola umboni wachiwiri, koma muyambe mwatenga kalata ya ofesi ya boma yonena kuti rekodi kulibe, ndiye pepala la mpingo lija limayamba kugwira ntchito. Nalonso likasowa ndi pomwe amalandira ma afidaviti, makalata olemba molumbira, a anthu awiri kapena kuposa amene akudziwa za ukwatiwo mwa iwo okha, osati zongomva.

Wina watumiza uthenga pompano kufunsa za apositili. Mwachidule achimwene, apositili ndi chidindo cha pangano la ku Hague la 1961, chimangotsimikiza kuti siginecha ndi sitampa zili pa pepalazo ndi zenizeni, sichisandutsa pepala la mpingo kukhala la kaundula. Maofesi ambiri aku Ulaya amaifuna, pomwe pa I-130 nthawi zambiri amangofuna fotokope yooneka bwino, olijino mudzaonetsa pa intaviyu. Ndipo ngati pepala lanu silili m'Chingerezi, liperekezedwe ndi lomasulira lonse, ndi zidindo zomwe, womasulirayo asaine kuti amadziwa zilankhulo zonse ziwiri ndipo wamasulira molondola. Kalata za maina osintha pambuyo pa ukwati zachuluka, tiziwerenga sabata ya mawa.