Shuga amawononga bwanji mitsempha ya magazi ndi mtima

Khalani pansi, khalani pansi tiyambepo. Lero tili ndi amayi awa amene angowapeza ndi shuga sabata yathayi, ndipo andifunsa funso panja paja loti inetu sindikumva kuwawa paliponse, ndikulima, ndikutunga madzi, nanga adokotala akumakamba za mtima wanga bwanji pomwe vuto ndi shuga? Ndiye ndati ndiyankhire pagulu pano, andilolanso kuti ndiwerenge manambala a m'buku lawo la kuchipatala.

Amayi, m'buku mwanumu alemba kuti shuga wa m'mawa musanadye anali 230 mg/dL. Munthu wopanda matendawa amakhala pansi pa 100, ndipo akamafika 126 kupita m'mwamba pomuyeza masiku awiri osiyana timati ali ndi shuga. Tsono chomwe chimapusitsa anthu ndi ichi, impso zimayamba kutayira shuga mumkodzo akadutsa cha m'ma 180, apo ndi pamene munthu amayamba kukodza pafupipafupi ndi kumva ludzu losatha. Ndiye munthu atha kukhala zaka zambiri shuga ali pa 140 kapena 160 osamva kalikonse koma mitsempha ikuwonongeka. Tsiku lomwe tinakupezani si tsiku lomwe matenda anayamba ayi.

Nanga imawonongeka bwanji? Mtsempha uliwonse wa magazi mkati mwake muli kachikopa kopyapyala kwambiri, kosalala, ndipo kachikopa kameneka kali ndi ntchito. Kamatulutsa mankhwala achilengedwe owuza mtsempha kuti ufutukuke magazi akamafunika ambiri, monga mukamakwera chitunda, komanso kamaletsa magazi kuundana ndi kukakamira m'mbali. Taganizani za poto watsopano amayi, mkati mosalala, nsima simakakamira kwenikweni, koma akakandikakandika nkhoko zimagwira paliponse pokandika paja. Shuga akachuluka m'magazi usana ndi usiku amamatirira ku mapuloteni a khoma la mtsempha, khoma lija limauma n'kusiya kutanuka, kachikopa kaja kamatupa ndi kuchita timabala ting'onoting'ono. Pa timabalapo ndi pomwe mafuta oyipa a m'magazi, aja timati kolesitolo, amalowa n'kukhazikika mkati mwa khoma. Asilikali a m'thupi amathamangirapo kukadya mafuta aja koma amakhuta n'kufera pompo, ndiye pamapangika chotupa cha mafuta chomwe chimakula pang'onopang'ono, njira ya magazi n'kumachepa.

Ndikudziwa wina akuti, ine ndi wowonda, mafuta ndiwatenga kuti? Mafuta ndikunenawa si a pamimba okha, ali m'magazi, ambiri amapangidwa ndi chiwindi chanu chomwe, ndipo mwa munthu wa shuga amakonda kukhala tizidutswa ting'onoting'ono tolowa m'khoma mosavuta, pomwe mafuta abwino aja ochotsa zinyalala amakhala ochepa. Owonda nawonso zimawachitikira.

Tibwere ku mtima. Mtima umagunda ka 100,000 kapena kuposerapo pa tsiku, supuma, ndipo ngakhale magazi onse amadutsa mkati mwake iwo umadya kudzera m'timitsempha take tomwe tinayala pamwamba pake, totambalala mamilimita 3 kapena 4 basi. Kamtsempha kotero sikafuna chotupa chachikulu kuti kachepe. Kakachepa, mukakhala chete zonse zili bwino, koma mukasenza ndowa kukwera mtunda mtima umafuna magazi ambiri ndipo sakufika, ndiye mumamva kulemera pachifuwa kapena befu, mukapuma mphindi zingapo n'kusiya. Choopsa ndi tsiku lomwe chotupa chija chaphulika, magazi amathamangira kukaundana pomwepo, ndipo magazi a munthu wa shuga sachedwa kuundana, njira imatsekeka yonse nthawi imodzi, mbali ya mtima yomwe imadya kuchokera pamenepo n'kuyamba kufa. Zomwezi zikachitika ku ubongo ndiye sitiroko, kufa ziwalo kuja. Munthu wa shuga chiopsezo chake cha zinthu ziwirizi chimakhala pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi mnzake wopanda shuga.

Apa mvetserani bwino, inunso achimwene mwawaperekeza mayi anuwa. Shuga amawononganso mitsempha ija yotumiza uthenga wa ululu, ndiye anthu ena a shuga mtima ukamavutika chonchi samva kupweteka pachifuwa ayi. Amangotuluka thukuta lozizira, kubanika, nseru, kufooka kwadzidzidzi, kapena kumva ngati chilungulira chachilendo, ena kuwawa chibwano kapena mkono wamanzere. Kunyumba amati ndi malungo kapena wadya zosagwirizana nazo, n'kudikira kuti kuche. Musadikire. Ngati muli ndi makina yezani shuga, chifukwa shuga wotsika kwambiri amabweretsanso thukuta ndi kunjenjemera, koma ngati sanatsike kapena mwawapatsa chotsekemera osasintha, pezani transipoti nthawi yomweyo. Chimodzimodzi pakamwa pakapotoka, mkono ukalobodoka, mawu akamatuluka movuta.

Timitsempha ting'onoting'ono kwambiri ta m'maso, mu impso ndi kumapazi nato timavulala, n'chifukwa chake timakuvulani nsapato ndi kupempha mkodzo, koma zimenezo tidzakamba tsiku lake.

Tibwerere ku buku lija. Bipi yanu alemba 158/96. Iyi ikundidetsa nkhawa mofanana ndi shugayo, chifukwa khoma lomwe lavulala kale ndi shuga likumenyedwanso ndi magazi othamanga mwamphamvu pa kugunda kulikonse, timabala tija sitipola. Tikufuna itsike pansi pa 140/90 kaye, ndipo ngati thupi likulola tiyandikire 130/80. N'chifukwa chake mwapatsidwa mitundu ingapo ya mankhwala, si kuti adokotala asokoneza. Metifomini ndi wa shuga, mumamwa ndi chakudya kuti asakuvuteni m'mimba. Enalapulo ndi wa bipi ndipo amatetezanso impso, ena amawatsokomoletsa chifuwa chouma, zikatero bwerani tisinthe, osangosiya mwakachetechete. Ndipo munthu wa shuga wopitirira zaka 40 nthawi zambiri timamuwonjezera wotsitsa kolesitolo monga atovasitatini, ameneyu simumumva kuti akugwira ntchito koma amachepetsa mafuta olowa m'khoma ndi kukhwimitsa chotupa chija kuti chisaphulike. Asipulini musagule nokha ku golosale, amatha kuyambitsa kutaya magazi m'mimba, mpaka adokotala anene.

Funso lomwe mwafunsanso ndi loti kodi zomwe zawonongeka zibwerera? Ndinene zoona, chotupa chomwe chinauma kale sichisungunuka chonse, koma kachikopa kaja kamayambanso kugwira ntchito bwino shuga ndi bipi zikatsika, ndipo kuwonongeka kumachedwa kwambiri. Ku Britain anatsatira anthu a shuga masauzande kuyambira 1977 kwa zaka pafupifupi 20, anapeza kuti muyezo uja wa HbA1c, womwe umaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi itatu yapitayi, ukatsika ndi 1 peresenti mavuto a timitsempha ta m'maso ndi impso amachepa kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu, pomwe a mtima amachepa ndi 14 peresenti yokha. Mwaona kusiyanako? Kutsitsa shuga kokha sikukwanira kuteteza mtima, pamafunikanso bipi, mafuta ndi kusiya fodya. Ndipo amayi mwandinong'oneza kuti mumafwenkha fodya wa mphuno, ameneyonso amafinya mitsempha ndi kukweza bipi, tikambirana pawiri mmene mungamusiyire.

Mwezi wamawa mubwere m'mawa musanadye, mutenge buku ndi mapaketi onse a mankhwala ngakhale otha, tidzayeza shuga ndi bipi n'kuyerekeza ndi 230 ndi 158/96 zija. Eya abambo kumbuyoko, mwakweza dzanja, funsani.