Achemwali, lipoti lija timvetsere ndi khutu tisanatumize

Achemwali, mwaswera bwanji? Ndaliona lipoti la mijigo lija, la masamba 4. M'maso likuoneka bwino ndithu, koma musalitumize kaye. Pa anthu olilandira pali aphunzitsi aja osaona, amene amawerenga ndi NVDA, pulogalamu yowerenga mokweza zimene zili pakompyuta. Ndayesa kulimvetsera ndi pulogalamu yomweyo, ndipo zikutuluka zosokonekera. Khalani pafupi ndi kompyuta, tiyendere limodzi.

Tsegulani fayiloyo mu Acrobat Pro, mudine Ctrl+D. Pa Description, chakumunsi, pali mawu akuti Tagged PDF. Panu palembedwa No. Ndiye kuti munadzera ku Print potembenuza fayilo ya Word kukhala PDF, eti? Njira imeneyo imangotenga maonekedwe a tsamba, n'kutaya matagi. Matagi ndi timazizindikiro tobisika touza pulogalamu kuti uwu ndi mutu, iyi ndi ndime, ichi ndi chithunzi. Popanda timeneti, munthu sangadumphe kuchoka pamutu wina kupita pa wina, amangomva mawu ali ndondondo ngati mvula padenga.

Poti fayilo ya Word mukadali nayo, bwererani komweko, n'kosavuta kusiyana ndi kusoka zigamba mu PDF. Mitu ija munangoikulitsa ndi kuidetsa, ndiye kompyuta ikuiona ngati ndime wamba. Mutu waukulu muupatse Heading 1, timitu ta m'kati Heading 2. Kenako Save As, musankhe PDF, mulowe mu Options, muchonge pa Document structure tags for accessibility.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mudekhe. Pulogalamu ija siyang'ana tsamba ngati mmene diso lichitira. Imatsata mndandanda wa matagi kuchokera pamwamba kutsika pansi, basi. Tsegulani PDF yatsopanoyo mu Acrobat, mupite pa Tags, kapena Accessibility tags ngati Acrobat yanu ndi yatsopano. Dinani tagi yoyamba, muzitsika ndi kamuvi koloza pansi, maso ali patsamba. Tagi iliyonse mukaifika, mawu ake amazingidwa ndi kabokosi. Kabokosiko kaziyenda mmene munthu angawerengere. Patsamba 2 paja pali madanga awiri, ndiponso kabokosi kam'mbali kofotokoza za komiti ya mjigo. Ine pomvetsera ndinamva chiganizo cha ndalama zokonzera mjigo chadukira pakati, kenako mayina a maudindo a komiti, kenako chiganizo chija n'kupitirira. Munthu wosaona alibe podziwira kuti pasokonekera, angoganiza kuti olembawo ndi amene sakudziwa kulemba. Mukapeza tagi yolowerera chonchi, igwireni ndi mausi, muikokere pansi pa ndime yomaliza ya danga lachiwiri. Koma musanayambe kukoka, sungani kope lina pambali, chifukwa mukalakwitsa mmenemu si nthawi zonse Ctrl+Z imakubwezerani.

Tibwere ku zithunzi. Chilichonse chili ndi tagi ya Figure. Dinani kumanja pa tagiyo, Properties, mulembe pa Alternate Text. Musalembe kuti "chithunzi", pulogalamu imanena kale yokha. Dzifunseni kuti, chithunzichi ndinachiikiranji? Cha patsamba 1 chija, lembani kuti "Amayi atatu akutunga madzi pamjigo wokonzedwa kumene, simenti yake ndi yatsopano." Zakwana. Tchati cha patsamba 3 ndiye chofunika kwambiri, chifukwa uthenga wa lipoti lonse uli mmenemo. Kulemba kuti "tchati cha mijigo" n'kumumana munthu nkhani. Nenani zimene tchaticho chikunena: mijigo ingati ikugwira ntchito, ingati yafa, mudzi uti uli ndi yakufa yambiri. Manambala akachuluka, aikeni m'tebulo pansi pake.

Timizere tokongoletsa tija ndi kamaluwa kapakona sizifuna kufotokozedwa. Tsegulani Reading Order, muzizinge ndi mausi, mudine Background/Artifact, pulogalamu izingozidutsa mwakachetechete.

Aa, ndikanaiwala tsamba 4, kalata ya amfumu ija munasikana. Yesani kusankha liwu limodzi ndi mausi, muona kuti sizitheka, tsamba lonse ndi chithunzi. Pitani ku Scan & OCR, Recognize Text, ndiye muwerenge zotulukazo liwu ndi liwu. Chichewa chimavulala pamenepa, makamaka ŵ wa kadenga uja.

Mukamaliza yendetsani Accessibility Check, koma musaikhulupirire yokha. Pa Logical Reading Order idzakulemberani Needs manual check, kutanthauza kuti kandondomeko kaja makina sangakaweruze. Nayonso Alternate Text imangoona ngati mwalembapo kanthu, ngakhale mutalemba zopanda mutu. Choncho ikani NVDA, ndi yaulere. Tsegulani lipotilo, mudine H kuti mumve ngati ikudumpha mitu yonse, G kuti mumve zithunzi, kenako Insert pamodzi ndi kamuvi koloza pansi kuti iwerenge lonse. Tsinzinani pomvetserapo, makamaka patsamba 2. Ikawerenga Chichewa ndi katchulidwe kachilendo musadabwe, inu tcherani khutu ku dongosolo la ziganizo. Mukafika pamene pakukanika, ndiimbireni ndisanaweruke.