Makalata Anu: Lotale ya gulu la kuntchito

"Wokondedwa muulutsi, kuntchito kwathu tilipo anthu 12 amene timasonkha ndalama sabata iliyonse n'kugula matikiti a lotale. Palibe chimene tinalemberana chifukwa timakhulupirirana. Mnzathu wina akuti tilembe mgwirizano, ena akuti n'kunyozana. Kodi pepalalo n'lofunikadi, ndipo tilembepo chiyani? Ndine mayi womvera wanu wa masiku onse."

Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu. Mnzanuyo akunena zoona, ndipo chifukwa chake chili pa tikiti penipenipo. Itengeni muiyang'ane: pali manambala, tsiku la maere, ndi nambala ya tikitiyo, koma palibe mayina a anthu 12. M'malotale ambiri, kampani imapereka mphoto kwa munthu mmodzi amene wabweretsa tikiti kapena amene dzina lake lalembedwa kumbuyo kwake. Ikalipira ameneyo, yamaliza mbali yake. Enanu mumatsala ndi mawu apakamwa, ndipo mawu apakamwa amasintha msanga ndalama ikaoneka. Pepala ndi limene limasonyeza kuti wogwira tikitiyo wangoisungira gulu, si yake.

Musavutike ndi chikalata cha masamba ambiri. Tsamba limodzi kapena awiri n'lokwanira. Pamwamba lembani dzina la lotale imene mumasewera, masiku a maere amene mumalowa, ndi tsiku limene mgwirizano wayambira. Kenako mayina onse a mamembala, aliyense ndi magawo amene watenga. Gawo limodzi likhale mtengo wa tikiti imodzi, kuti masamu asavute. Tchulani woyang'anira amene amatolera ndalama ndi kugula matikiti, komanso wachiwiri wake. Kali kokha n'kanyama: woyang'anira akadwala kapena akapita kutchuthi popanda womulowa m'malo, sabata imeneyo matikiti sagulidwa, ndipo manambala anu akatuluka sabata yomweyo mudzayang'anana ndi diso lofiira. Aliyense asaine, alembe deti pambali pa siginecha yake, ndipo atenge fotokope yakeyake. Musanayambe n'komwe, funsani mabwana ngati amalola kusonkherana kotere pamalo a ntchito, ndipo onetsetsani kuti aliyense wakwanitsa zaka zimene malamulo amalola kusewera lotale.

Koma mtima wa mgwirizano wonse ndi chiganizo chimodzi: amene sanalipire pofika nthawi yotsekera, alibe gawo pa maere amenewo. Nthawiyo ilembedwe ndi tsiku ndi ola lomwe. Ngati maere amachitika Loweruka, tsekani Lachinayi 12 koloko masana, kuti woyang'anira akhale ndi Lachisanu lonse logulira ndi kuonetsa matikiti.

Tiyeni tiwerengere limodzi ndi gulu lanu lomweli. Tinene kuti sabata ina anthu 10 alipira gawo limodzi aliyense, mmodzi walipira magawo awiri, ndipo wa nambala 12 sanalipire chifukwa anali kumaliro. Magawo olipiridwa ndi 12, matikiti ogulidwa ndi 12. Tikiti ina yapata ndalama zokwana 600,000. Mukagawa 600,000 ndi 12, gawo lililonse ndi 50,000. Anthu 10 aja atenga 50,000 aliyense, wa magawo awiri atenga 100,000, wosalipira uja satenga kanthu. Tsono iye adzati, "Ine ndakhala ndikusonkha zaka zitatu, mundisiye chifukwa cha sabata imodzi?" Mukamulowetsa, magawo akhala 13, gawo lililonse litsika kufika pa 46,153, n'kutsala 11 ya pamwamba. Aliyense wataya 3,847, wa magawo awiri wataya kuwirikiza. Ena adzavomera mwachisoni, ena adzakana, ndipo ofesi idzagawikana pakati. Mphoto ikakhala yaikulu, nkhani zoterezi zimathera kukhoti.

Njira zopewera zimenezi ndi ziwiri, ndipo ine ndimakonda yoyamba. Muzilipiriratu masabata anayi nthawi imodzi, tsiku lolandira malipiro. Potero maliro, matenda ndi ulendo wa mwadzidzidzi sizichotsa munthu m'gulu. Yachiwiri ndi yolola mnzake kumulipirira, koma zilembedwe m'kaundula nthawi yotsekera isanakwane: wakuti walipirira wakuti. Zikalembedwa choncho, gawolo ndi la wolipiriridwayo, ndipo mnzakeyo angobwezeredwa ngongole ya mtengo wa tikiti, osati theka la mphoto. Chimene simuyenera kulola ndi chizolowezi choti woyang'anira azilipirira ena kuchokera m'thumba mwake mwakachetechete. Akachita kasanu, n'kulephera kachisanu ndi chimodzi, wosalipirayo adzakhala ndi poyambira kunena kuti ankayembekezera kuti amulipirira monga mwa masiku onse.

Kaundula amene ndikunenayu ndi buku wamba la mizere: deti la maere, dzina, magawo, ndalama zolipiridwa, siginecha. Olipira kudzera pa foni kapena ku banki asunge uthenga wotsimikiza, ndipo woyang'anira alembe nambala ya uthengawo m'buku.

Kalata yachiwiri ikuti: "Amene amatigulira matikiti amagulanso ake apadera pa nthawi yomweyo. Tikiti ina ikadzawina, tidzadziwa bwanji ngati ndi yathu kapena yake? Ndine bambo wogwira ntchito ya usiku."

Bambo, mwaponda pamene magulu ambiri amagwera. Maere akachitika, palibenso njira yosiyanitsira. Matikiti awiri ogulidwa pa makina amodzi, m'mphindi imodzi, amafanana ngati mapasa. Kusiyanitsa kumachitika maere asanachitike, basi.

Woyang'anira akangogula matikiti a gulu, ajambule iliyonse payokha, manambala, tsiku la maere ndi nambala ya tikiti zikuoneka bwino, n'kutumiza zithunzizo kwa mamembala onse. Mu mgwirizano muikemo nthawi: zithunzi zifike pasanakwane 6 koloko madzulo tsiku loti mawa lake ndi la maere, kapena nthawi iliyonse imene mungapangane, bola ikhale maere asanachitike. Ndipo muikemo chiganizo ichi: matikiti a gulu ndi okhawo amene atumizidwa pa chithunzi nthawi imeneyi isanakwane, tikiti ina iliyonse ndi ya mwini wake. Onani kuti lamuloli likuteteza mbali zonse. Inu simungaberedwe tikiti yowina, nayenso woyang'anira akawina ndi yake simungamulande.

Zithunzi zikafika musangoziyang'ana n'kudutsa. Werengani. Magawo olipiridwa akakhala 12, matikiti akhale 12. Akakhala 11, funsani usiku womwewo. Onaninso tsiku la maere, chifukwa n'zotheka kulandira chithunzi cha matikiti a sabata yatha, mwangozi kapena mwadala. Zithunzizo zisatuluke kunja kwa gulu.

Magulu ena amaletseratu woyang'anira kugula matikiti akeake a lotale yomweyo. N'zabwino pa pepala koma n'zovuta kuzitsatira, pakuti ndani angamulondole kulikonse? Kuli bwino kungoti akafuna yake agule payokha, ndi ndalama zosiyana, nthawi ina.

Matikiti enieniwo asakhale m'chikwama cha munthu. Aikidwe mu envulopu, pamwamba palembedwe tsiku la maere ndi chiwerengero cha matikiti, asainepo anthu awiri, atsekeredwe m'kabati ya loko. Kumbuyo kwa tikiti woyang'anira alembe monga mmene malamulo a lotaleyo akunenera, ndipo ngati amalola, awonjezere kuti ndi m'malo mwa gulu. Pali kanthu kena kamene ambiri sakadziwa: matikiti ambiri amasindikizidwa pa pepala lomva kutentha, longa la malisiti a m'sitolo. Mukaisiya padzuwa m'galimoto, zilembo zimafufutika. Mukaimata m'pulasitiki pa makina otentha aja pofuna kuiteteza, imada bii, osawerengekanso. Ngati mumagula pa intaneti, kumbukirani kuti kampani imadziwa mwini akaunti yekha, choncho chithunzi cha zimene zagulidwa chitumizidwe chimodzimodzi, ndipo mgwirizano utchule kuti akauntiyo ndi ya ndani.

Ndionjezerepo kamodzi pa za manambala. Mu lotale yosankha manambala 6 mwa 49, tikiti imodzi ili ndi mwayi umodzi pa 13,983,816 wopata mphoto yaikulu. Matikiti 12 osiyana amaufikitsa pa umodzi pa 1,165,318. Ukadali mwayi wochepa kwambiri, choncho sonkhani zimene simungalire nazo zikapita. Ndipo mawu oti "osiyana" ndi ofunika: anthu awiri akasankha manambala ofanana, mwagula mwayi umodzi kawiri.

Kalata yomaliza ndi yaifupi: "Ndikusiya ntchito mwezi wamawa. M'thumba la gulu muli timphoto ting'onoting'ono timene tinkasunga. Ndili ndi gawo? Nanga manambala amene ndinasankha ine akadzawina nditachoka? Ndine mlongo wanu."

Chemwali, pa thumbalo muli ndi gawo, chifukwa timphototo tinabwera ndi matikiti amene munasonkherako. Ngati muli 3,600 ndipo nthawi yonseyo magawo anali 12, chanu ndi 300 pa gawo. Vuto limabwera pamene gulu limagulira matikiti owonjezera ndi ndalama za m'thumbamo. Mukachoka osatenga 300 yanu, ndalama yanu idzakhala ili m'matikiti ogulidwa mutapita, ndipo pamenepo mkangano wabadwa kale. N'chifukwa chake wochoka ayenera kupatsidwa chake tsiku lomwelo, asaine kuti walandira, ndipo m'kaundula mulembedwe maere omaliza amene iye walowa. Wolowa watsopano nayenso alibe gawo pa za m'thumba zimene anazipeza. Gulu lofuna mtendere limagawana thumba lonse pa miyezi itatu iliyonse n'kuyambanso lopanda kanthu.

Za manambala, pepani, manambala alibe mwini. Tikiti ndi ya amene aisonkhera. Koma lembani zimenezi mu mgwirizano, chifukwa munthu amene anaika masiku obadwa a ana ake sadzamva msanga.

Kwa nonse atatu, muikemonso za tsiku la mphoto yaikulu. Okatenga akhale awiri, osati mmodzi, ndipo atenge tikiti, mgwirizano, kaundula ndi ziphaso zawo. Lotale iliyonse ili ndi nthawi yotsekera kutenga mphoto, ina masiku 180, ina chaka, ina yochepera apo, ndiye werengani kumbuyo kwa tikiti n'kulemba chiwerengerocho mu mgwirizano. Funsani kampani ngati ingalipire membala aliyense payekha. Ikakana, lembani kuti wolandirayo atumize gawo la aliyense ku banki pasanathe masiku 7 ndalama zitalowa, ndipo aliyense asaine. Chogawidwa ndi chotsala msonkho ukachotsedwa, kumene mphoto zimadulidwa msonkho. M'mayiko ena, munthu mmodzi akalandira zonse n'kugawira anzake popanda umboni, zimatha kuonedwa ngati mphatso n'kukhudzidwa ndi msonkho wina, ndipo mgwirizano wosainidwa maere asanachitike ndi umene umasonyeza kuti ndalamazo zinali zawo kuyambira pachiyambi. Mphoto ikakhala yaikulu ndithu, muonane ndi loya musanapite kukaitenga, ndipo malipiro ake achotsedwe pa mphoto yonse musanagawane.